Musanapemphe kuti akuchulukitsireni maphikidwe, pezani kaye miyezo yanu

Pempho ili limafika kawirikawiri kwa aliyense wodziwika kuti amatha kuphikira gulu: "Azakhali, Loweruka kuli chinkhoswe, kubwera anthu ngati 50. Mpunga ndi nkhuku ija ndimaphika kunyumba ija ndiwonjezere bwanji kuti ikwanire?" Uthenga umathera pomwepo. Sanatchule kuti mpungawo amathira makapu angati, nkhuku yake ndi yachikuda kapena yachizungu, madzi amakhala ochuluka bwanji, ngakhale kuti kunyumbako amadya anthu angati.

Wofunsidwayo amatsala ndi njira ziwiri zokha. Akhoza kubweza mafunso, kapena akhoza kungotchula miyezo ya m'mutu mwake kuti asaoneke wokana. Yachiwiriyi ndiyo imapweteketsa, chifukwa zomwe mwalandirazo si maphikidwe anu ochulukitsidwa, ndi maphikidwe a munthu wina. Mukaphika, chakudya chimatuluka ndi kakomedwe kena, mpunga umatsala wambiri kapena umaperewera, ndipo simudziwa pomwe palakwika. Kuchulukitsa ndi masamu, ndipo masamu amafuna nambala yoyambira. Dzina la chakudya si nambala. "Mpunga ndi nkhuku" imaphikidwa mosiyana khomo lililonse.

Ambiri sabisa miyezo mwadala. Sanaiyezepo n'komwe, chifukwa anaphunzira kuphika poonera amayi awo, ndipo dzanja ndilo limadziwa. Pa anthu 6 dzanja sililakwa. Pa anthu 50 limasokonezeka, chifukwa silinagwirepo mphika wotero. Ntchito yoyamba tsono ndi kutenga zomwe dzanja likudziwa n'kuziika pa pepala.

Phikani kamodzi mukuyeza

Sankhani tsiku lisanafike la mwambo, makamaka patatsala sabata, muphike chakudya chomwecho monga mwa masiku onse. Kusiyana kwake n'kwakuti chilichonse cholowa mumphika chidutse kaye pa muyezo.

Sankhani kapu imodzi ndi supuni imodzi, zikhale zomwezo mpaka tsiku la mwambo. Kapu yoyezera yeniyeni imalowa mamililita 250, koma makapu a m'nyumba amasiyana kwambiri, ena amalowa 200, ena amaposa 350. Kuti mudziwe yanu, tengani botolo la madzi akumwa la mamililita 500, mulidzaze, muthire m'kapumo. Likatha ndi makapu awiri odzaza, kapu yanu ndi ya 250. Supuni yaing'ono yoyezera imalowa mamililita 5, yaikulu 15, choncho zing'onozing'ono zitatu zimapanga yaikulu imodzi. Poyeza ufa, mchere kapena soda, sesani pamwamba ndi mpeni kuti pakhale posalala. Supuni yotumphuka imatha kunyamula pafupifupi kawiri ya yosesedwa, ndipo kusiyana kumeneko mukakuchulukitsa maulendo 8 kumasanduka vuto lenileni.

Apa pali msampha womwe ndikufuna tiuone bwino. Munthu wozolowera kuphika ndi dzanja mukamupatsa supuni kuti aziyeza, amasintha kaphikidwe. Amayamba kukayikira, amathira mchere wochepa kuposa masiku onse, ndipo zomwe mwalembazo sizikhala zoona. Izi zimachitika kwambiri ngati mwini maphikidwe ndi agogo kapena amayi, omwe mukawafunsa amangoti "umangothira pang'ono, ukaona kuti wakwana usiye". Sakukunamizani, ndi mmene amaphikiradi.

Njira yabwino ndi kuyeza zotsala. Musanayatse moto, ikani chilichonse m'mbale yakeyake mutayeza kale, ndipo muike chochulukirapo kuposa chomwe chingafunike. Mpunga makapu 5 m'beseni, mchere masupuni ang'onoang'ono 6 m'sosala, mafuta theka la kapu, madzi malita 3 m'jagi. Kenako muwauze kuti, "Agogo, phikani monga mumaphikira, koma chilichonse mutenge m'mbalezi." Iwo aphike ndi dzanja lawo osasokonezedwa. Akamaliza, yezani zomwe zatsala. Ngati mpunga watsala makapu 2, ndiye kuti alowa 3. Ngati m'jagi mwatsala malita 1.75, alowa ndi malita 1.25, omwe ndi makapu 5. Mukatero mwapeza miyezo yeniyeni popanda kuwafunsa funso lomwe sangayankhe. Madzi a mpunga ndi a ndiwo akhale ndi majagi osiyana, mchere chimodzimodzi, kuti musasakanize mawerengero.

Zinthu zowerengeka ndi maso nazo zimanyenga. "Tomato 4" sizikunena zambiri, chifukwa tomato wina ndi wamkulu ngati chibakera, wina ndi kang'onong'ono. "Mulu umodzi" ndiye n'kosathandiza konse, popeza mulu umakula ndi kuchepa malinga ndi nyengo. "Wa K500" nayenso amasintha mwezi ndi mwezi. Ngati muli ndi sikelo, kapena wogulitsa nyama pafupi angakulolezeni yake, yezani kulemera. Ngati palibe, dulani tomatoyo monga mumadulira, muone kuti wadzaza makapu angati. Anyezi chimodzimodzi.

Lembaninso mtundu wa chinthu, chifukwa umasintha madzi ndi nthawi. Mpunga wa Kilombero ndi wa Faya sumwa madzi mofanana ndendende, ndipo mpunga wongokololedwa kumene umafuna madzi ochepa kuposa womwe wakhalitsa m'thumba. Nkhuku yachikuda imafuna moto wautali ndi madzi ambiri, pomwe yachizungu imapsa msanga ndipo imatulutsa madzi ndi mafuta ake. Mukayeza ndi nkhuku yachikuda koma pa mwambo mugule zachizungu, miyezo ya madzi ndi mafuta sigwiranso ntchito.

Werengani odya kawiri

Pali nambala ziwiri za anthu, ndipo ambiri amangotchula imodzi. Amanena omwe akubwera, n'kuiwala kunena omwe amakhuta ndi mphika wa masiku onse. Popanda nambala ya kunyumbayi palibe chogawira.

Tsiku lomwe mwaphika moyeza lija, onani omwe adya ndi zomwe zatsala. Ngati patsala mbale yathunthu ya mpunga, mphikawo ndi wa anthu ochulukirapo kuposa omwe anakhala pansi. Ngati wina anadzuka asanakhute, ndi wa ochepa. Ana aang'ono awiri muziwawerenga ngati wamkulu mmodzi. Anyamata achisodzera musawaike m'gulu la ana, amadya ngati akulu, mwinanso kuposa.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka pomaliza. Pakhomo pali akulu 4 ndi ana 4. Ana 4 ndi ngati akulu 2, ndiye mphikawo ndi wa mbale 6. Ku chinkhoswe kukuyembekezeka akulu 38 ndi ana 12, zomwe ndi mbale 38 kuphatikiza 6, zonse 44. Pa miyambo yathu sipalephera kubwera osaitanidwa, woyandikana naye nyumba, woyendetsa galimoto, mnzake wa mlamu. Onjezani mbale imodzi pa mbale 10 zilizonse. Apa tionjezera 4, zikwane 48. Tikagawa 48 ndi 6 tipeza 8. Nambala yochulukitsira ndi imeneyo.

Pa maliro kapena pa ukwati wa kumudzi, pomwe mudzi wonse umafika, kuonjezera mbale imodzi pa 10 sikungakwane, ndipo kumeneko funsani amayi a m'mudzimo omwe amaphika pa zochitika zotere. Iwo amadziwa unyinji womwe umabwera kuposa pepala lililonse.

Chinthu china chofunika kunena ndi zomwe zidzakhale pambali. Ngati patebulo padzakhala nsima, mbatata yakachewere ndi nyemba, mpunga sudyedwa wofanana ndi tsiku lomwe uli wokha. Komanso pamene anthu akudzipakulira okha, chakudya chimatha msanga kuposa pamene pali owagawira, makamaka nyama. Oyamba pa mzere amatenga nthuli zitatu, omaliza n'kupeza msuzi wokha.

Lembani pempho lathunthu

Tsopano muli ndi choti mupite nacho kwa munthu. Pempho labwino limamveka motere:

"Azakhali, mwaswera bwanji? Ndimafuna mundithandize. Kunyumba ndimaphikira akulu 4 ndi ana 4, ndipo sipatsala kanthu. Kapu yanga ndi ya mamililita 250. Mpunga wa Kilombero ndimathira makapu 3, madzi makapu 5, mchere supuni yaing'ono imodzi, mafuta supuni yaikulu imodzi. Nkhuku ndi yachizungu imodzi ya kilogalamu imodzi ndi theka, ndimaidula nthuli 12. Ndimathira tomato magalamu 400, anyezi magalamu 200, mafuta masupuni aakulu 4, mchere supuni yaing'ono imodzi ndi theka, kale wokometsera ndiwo supuni yaing'ono imodzi, madzi makapu 2. Ndimayamba ndakazinga nkhuku, kenako anyezi ndi tomato, n'kubwezeramo nkhuku. Loweruka kubwera akulu 38 ndi ana 12, padzakhalanso kabichi koma nsima ayi. Tidzaphika pa nkhuni, ndili ndi mapoto awiri a malita 15 ndi imodzi ya malita 20. Chakudya chidzadyedwa 1 koloko, ndipo tidzakhala tikugawira anthu ndife."

Uthengawu ndi wautali, koma wofunsidwa akhoza kuuyankha ulendo umodzi. Muli zothira zonse, miyezo yake, kukula kwa kapu, odya kunyumba, odya ku mwambo, ndondomeko yophikira, mapoto, moto ndi nthawi. Mapoto ndi moto anthu amaziona ngati zosafunika kutchula, chonsecho ndi zomwe zimaonetsa ngati masamu atheke pa mafuwa. Musasiye chothira chilichonse poganiza kuti n'chodziwikiratu. Mchere, madzi ndi mafuta ndi zomwe zimaiwalika kwambiri polemba, ndipo ndi zomwe zimavuta kwambiri pochulukitsa.

Zomwe zimachulukitsidwa molunjika

Zinthu zomwe zimakhutitsa zimangotsata nambala ija. Mpunga makapu 3 kuchulukitsa ndi 8 ndi makapu 24. Kapu ya mamililita 250 imanyamula mpunga wosaphika pafupifupi magalamu 200, choncho makapu 24 ndi makilogalamu 4.8. Mugule makilogalamu 5. Pochulukitsa, sinthani miyezo ikhale yogulira kumsika, chifukwa palibe amene amagula mpunga powerenga makapu 24, ndiponso powerenga makapu ambiri chonchi munthu amasokonezeka pakati wina akangomuyankhulitsa.

Ndi bwino kuyesa yankho pobwerera m'mbuyo. Makilogalamu 4.8 kugawa kwa mbale 48 ndi magalamu 100 pa mbale. Umenewo ndi muyezo womveka wa munthu wamkulu pamene mpunga ndiwo chakudya chachikulu. Mukanapeza magalamu 30 kapena 300, mukanadziwa kuti penapake masamu aphonyeka.

Nkhuku zikhala 8, nthuli 96. Tiyese: akulu 38 nthuli ziwiriziwiri ndi 76, ana 12 imodziimodzi ndi 12, zonse 88, ndipo 8 zotsalazo ndi za alendo 4 osayembekezeka aja. Zakwana. Koma onetsetsani kuti nkhuku zomwe mugule ndi zolemera ngati ija munayezera. Ngati zapezeka za kilogalamu imodzi yokha, pafunika 12, chifukwa chomwe mukufuna ndi makilogalamu 12 a nyama, osati mitu 8 ya nkhuku. Wodula nyama naye mumuuze nambala ya nthuli pa nkhuku iliyonse. Akadula 8 m'malo mwa 12, kugawa kusokonekera ngakhale nyama ili yokwanira.

Tomato akhala makilogalamu 3.2, anyezi 1.6. Pogula onjezani pang'ono, popeza pa mulu waukulu sipalephera woola.

Madzi ndi pomwe ambiri amagwera

Munthu akachulukitsa madzi makapu 5 ndi 8 apeza makapu 40, omwe ndi malita 10. Akathira onsewo, mpunga usanduka phala. Chifukwa chake n'chakuti madzi omwe mumathira mumphika amagwira ntchito ziwiri. Ena amamwedwa ndi mpunga, ena amatuluka ngati nthunzi. Omwedwa ndi mpunga amachuluka molingana ndi mpungawo. Otuluka ngati nthunzi satsata mpunga, amatsata kukula kwa pakamwa pa poto, kuthina kwa chivundikiro ndi kutalika kwa nthawi yomwe poto wakhala pamoto. Poto wonyamula mpunga wochuluka kanayi sakhala ndi pakamwa potambalala kanayi.

Pa makapu 5 a kunyumba aja, tinene kuti pafupifupi 4 amalowa mu mpunga ndipo imodzi imauluka. Mukagawa mpunga wa mwambowo m'mapoto awiri, makapu 12 poto aliyense, masamu olunjika akuuzani makapu 20 a madzi pa poto. Ine ndinganene kuti muyambe ndi 17, ndipo pambali pakhale ketulo ya madzi owira. Madzi akauma, lawani njere za pamwamba ndi za pakati. Ngati zikadali ndi kamtima kolimba, wazani kapu imodzi ya madzi otentha, muvundikire, mudikire mphindi 10. Madzi ozizira musathire, amaimitsa kupsa. Kuonjezera madzi n'kotheka nthawi ina iliyonse, kuwachotsa mu mpunga womwe walowa kale n'kosatheka.

Ndatchula mapoto awiri mwadala. Mpunga ukapsa umafufuma pafupifupi katatu, choncho makapu 12 amatuluka malita 9, omwe amakwana bwino mu poto wa malita 15 n'kutsala malo a nthunzi. Mukaunjika makapu onse 24 mu poto wa malita 20, udzadzaza mpaka kukankha chivundikiro. Choipa kwambiri n'chakuti mpunga ukazama, wapansi umapanikizika n'kupserera pamene wapamwamba usanapse. Mudzazindikira ndi fungo la kupserera likumveka koma njere za pamwamba zikadali zolimba. Zikafika pamenepo musavundule, chifukwa mufalitsa fungolo mphika wonse. Phulani, mupakulire wosapserera mu poto wina, muwaze madzi otentha pang'ono, mubwezere pa makala ochepa. Pa nkhuni, madzi akangoyamba kuuma sololani zikuni kutsale makala, ndipo ena muwaike pamwamba pa chivundikiro kuti kutentha kuchokere mbali zonse.

Ku nkhuku nkhani ndi yomweyo. Makapu 2 kuchulukitsa ndi 8 ndi malita 4, koma nkhuku zachizungu 8 ndi tomato makilogalamu atatu zimatulutsa madzi ambiri pazokha. Yambani ndi malita awiri ndi theka, muone msuzi mmene ukukhalira. Ngati nthuli zikusambira ndipo msuzi ukuoneka wotuwa, madzi achuluka, ndipo powaphwetsa nyama idzafika poyoyoka.

Mchere, mafuta ndi zokometsera

Mchere wa nkhuku unali supuni yaing'ono imodzi ndi theka. Kuchulukitsa ndi 8 ndi masupuni ang'onoang'ono 12, kapena aakulu 4. Pa masamu palibe cholakwika, ndipo mwina pomaliza mudzafika pafupi ndi pamenepo. Koma musathire onse poyamba. Ngati poyeza paja supuni inatumphuka pang'ono, kapena mchere wa tsikulo ndi wosalala pomwe munayezera wamiyala, kulakwako kwachulukitsidwanso ndi 8. Thirani masupuni aakulu 3, ndiwo ziwire, muvundule mpaka pansi, mulawe, kenako muzionjezera pang'onopang'ono. Mu poto wamkulu mchere umachedwa kufalikira, ndiye mukathira dikirani mphindi zingapo musanalawenso. Wolawa akhale mmodzi ndipo wothira mchere akhale yemweyo. Pa miyambo ndiwo zambiri zimawawa mchere chifukwa amayi awiri, aliyense pofuna kuthandiza, anathira wina osadziwa kuti mnzake wathira kale.

Kale wokometsera uja chimodzimodzi, m'malo mwa masupuni ang'onoang'ono 8 yambani ndi 6. Tsabola ndi bwino asalowe mumphika wa gulu, aikidwe pambali, popeza pali ana ndi ena omwe sadya.

Mafuta masupuni aakulu 4 ndi mamililita 60, ndipo kuchulukitsa ndi 8 ndi 480. Simudzafuna onsewo, chifukwa mafuta okazingira amagwira ntchito kangapo ndipo khungu la nkhuku limaonjezera ake. Mamililita 350 akhoza kukwana. Chofunika kwambiri ndi kakazingidwe. Nthuli 96 sizingakazingike ulendo umodzi. Mukaziunjika, mafuta amazizira, nyama imatulutsa madzi, ndipo m'malo mokazingika imangowira n'kukhala yotuwa. Kazingani zochepa zomwe zikukwana pansi pa poto osasanjikizana, muchotse, muike zina. Ntchito imeneyi yokha ikhoza kudya ola lathunthu kapena kuposa, ndipo ndiyo imachedwetsa chakudya pa miyambo yambiri.

Nthawi sichulukitsidwa ndi 8, koma sikhalanso yofanana ndi ya kunyumba. Mpunga ukangoyamba kuwira umapsa pa nthawi yoyandikana ndi ya masiku onse. Chomwe chimatalika ndi kudikira kuti malita anayi a madzi awire, kusenda anyezi, kudula nyama ndi kukazinga kuja. Ngati kudya ndi 1 koloko, nkhuku iyambike m'mawa ndithu, ndipo mpunga ukhale womalizira kuti ufike patebulo uli wotentha. Izi si za kukoma kokha. Mpunga wophika ukakhala maola ambiri uli wofunda chabe, tizilombo tomwe timapirira kuwira timachulukana n'kusiya poizoni yemwe satha ngakhale mutenthetsenso, ndipo anthu amasanza ndi kutsekula m'mimba. Ukaphulidwa udyedwe pasanathe maola awiri, apo ayi ukhalebe pa makala uli wotentha kwenikweni.

Ngati ndi mandasi, chigumu kapena keke

Zonse ndanena zoti muyambe ndi zochepa n'kumalawa zimagwira ntchito pa ndiwo ndi mpunga. Pa zofufumitsa sizitheka, chifukwa mtanda ukalowa mu uvuni kapena m'mafuta simungaonjezere kanthu. Apa ndiye pempho lopanda miyezo silingayankhidwe ngakhale pang'ono. "Ufa, shuga, mazira ndi chofufumitsa" akhoza kukhala mandasi, sikono kapena keke, kusiyana kwake kuli pa kuchuluka kwa chilichonse poyerekeza ndi ufa.

Tchulani chofufumitsa ndi dzina lake. Soda, bekingi pauda ndi yisiti ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo soda ndi wamphamvu kangapo kuposa bekingi pauda. Wina akakupatsani muyezo wa bekingi pauda inu n'kuthira soda wochuluka chomwecho, chigumu chimatuluka chachikasu moderako, chonunkha ndi kuwawa ngati sopo. Ufa nawo nenani ngati ndi wa tirigu wamba kapena wothiriratu chofufumitsa, ndipo ngati n'kotheka uyezeni pa sikelo, chifukwa kapu ya ufa wotsendera imalemera kuposa ya ufa wosefa.

Mukapeza miyezo, chulukitsani zonse mofanana, koma musakande mtanda umodzi waukulu wa maulendo 8. Kandani kanayi, mtanda uliwonse wowirikiza kawiri. Soda akakumana ndi chambiko amayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo, ndipo mtanda wodikira pamzere ola lathunthu umataya mphamvu. Wa yisiti nawo ukadikira kwambiri pa kutentha umafufuma mopitirira n'kuyamba kusasa. Komanso musathire mtanda wowirikiza m'chitini chimodzi chozama, kunja kudzapserera mkati muli mwauwisi. Gwiritsani zitini zambiri za msinkhu womwe munazolowera, mtanda uzifika pomwe umafika masiku onse.

Nsima ili ndi njira yake. Madzi ake sayezedwa ndi kapu, wophika amaona ndi mthiko. Chomwe mungayeze ndi ufa, ndipo njira ya zotsala ija imagwira bwino: yezani ufa m'beseni musanaphike, muyezenso mukamaliza, mugawe ndi mbale zomwe zinadyedwa, mupeze ufa wa munthu mmodzi. Mukatero mudziwa ufa wopita nawo ku mwambo. Kuvundula mphika waukulu kumafuna mikono yozolowera, ndiye pezani anthu oti azilandirana mthiko.

Ngati inu ndinu wofunsidwa

Musachite manyazi kubweza mafunso, ndipo musayankhe ndi nambala za m'mutu pofuna kusangalatsa. Mukhoza kunena kuti, "Achemwali, ndikuthandizani, koma mundiuze kaye zomwe mumathira zonse, kuchuluka kwake, ndi anthu omwe amakhuta nazo." Akati sadziwa, afotokozereni njira yoyeza zotsala, aphike madzulo omwewo, mawa akutumizireni.

Nthawi zina mwambo ndi mawa ndipo mpata woyeserera palibe. Pamenepo siyani zochulukitsa, muyambire pa mbale ya munthu mmodzi: mpunga magalamu 100, nthuli ziwiri, n'kuchulukitsa ndi odya. Koma muwauze poyera kuti miyezoyo ndi yanu, ndipo chakudya chidzakoma monga mumaphikira inu, osati monga cha kwawo. Ngati chomwe akufuna ndi kakomedwe ka agogo awo, awatenge agogowo akakhale pafupi ndi mafuwa pa mpando, azilawa msuzi ndi kulamula mchere, pamene achinyamata akuvundula. Ndipo wina akhale ndi pepala tsiku limenelo, alembe zomwe zalowa m'mapoto, anthu omwe adya, ndi zomwe zatsala kapena kuperewera, kuti pa ukwati wotsatira chinkhoswecho miyezo idzakhale ilipo kale.